Kutsata ngalande za nkhondo ya Chiwaya, kuchokera ku Ieper mpaka ku Riqueval

Lolemba, ku Ieper

Tawoloka nyanja m'mamawa kuchokera ku Dover, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titafika ku Ieper, m'dziko la Beljiyamu. Ndili ndi amalume anga, amene anapuma usilikali zaka zapitazo ndipo abwera kudzandiona ku Mangalande kumene ndimagwira ntchito. Ulendowu ndi wawo. Agogo awo anali mtengatenga pa nkhondo ya 1914, imene akuluakulu kwathu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha mfuti ija yolavula zipolopolo osapumira. Nkhondo imene agogowo ankasimba inali ya miyendo: kuchoka ku Karonga, kulowa ku Tanganyika, kutsikira ku Mozambiki, kulondola Ajeremani otsogozedwa ndi Lettow-Vorbeck amene sankakhala malo amodzi. Anthu ankafa ndi mtunda, njala ndi kamwazi.

"Tsono mphwanga," anatero amalume tili m'sitima, "nkhondo yomweyo, chaka chomwecho, kuno anthu anakhala m'dzenje limodzi zaka zinayi. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga chimene chinawamanga miyendo."

Tayambira ku Sanctuary Wood, kumene ngalande zina zakale zilipobe, zotchingidwa ndi malata adzimbiri, pansi pake madzi ndi matope. Si zowongoka ayi, zimapinda pakangopita mamita ochepa. Amalume sanadikire kuti wina awafotokozere. Akuti bomba likagwera m'ngalande yowongoka limasesa onse, ndipo mdani akalowa ndi mfuti amaomba kuchokera kuno mpaka uko, pamene yokhotakhota imatsekera ngoziyo m'chigawo chimodzi.

Palibe mkulu wa asilikali amene anakonza zoti nkhondo ikhale ya m'ngalande. Mu Ogasiti 1914 magulu ankayenda poyera, ndipo anafa mochititsa mantha. Msilikali wophunzitsidwa bwino ankaomba zipolopolo 15 pa mphindi, chiwaya chimodzi pafupifupi 500, ndipo mzinga wa Afalansa wa mamilimita 75 unkatulutsa mabomba 15 pa mphindi. Munthu woimirira analibe moyo, wogona m'dzenje anali nawo. Ajeremani atabwezedwa ku mtsinje wa Marne mu Sepitembala, anasankha malo okwera nakumba. Mbali iliyonse inayesa kuzungulira inzake cha kumpoto, inzakeyo nkutsekereza, mpaka anakafika kunyanja. Pofika kumapeto kwa chaka, mzere unali utayambira ku Nieuwpoort mpaka kumalire a Switzerland, makilomita pafupifupi 700, wodzaza ndi anthu mamiliyoni. Ku Tanganyika asilikali anali ochepa, tchire lalikulu, choncho nthawi zonse pankapezeka podzera. Kuno podzera panatha, ndipo panangotsala kulowera kutsogolo.

Madzulo tinaima pa chipata cha Menin. Tsiku lililonse 8 koloko amatseka msewu nkuliza malipenga, ndipo pamakoma pali maina oposa 54,000 a anthu amene mitembo yawo sinapezeke kapena sinadziwike. Amalume anavula chipewa, naima njo mpaka lipenga lomaliza.

Lachiwiri, ku Beaumont-Hamel

Lero latilemera.

Tatsikira ku Falansa, kudera la Somme. Ndi dziko la minda ya tirigu ndi mbatata, zitunda zake zotsika pang'onopang'ono, dothi lake loyera pansi ngati choko. M'mphepete mwa munda wina tinaona bomba ladzimbiri litagonekedwa pafupi ndi msewu. Alimi amawafukulabe ndi makasu a thirakitala chaka ndi chaka, nkuwasiya pamenepo kuti odziwa ntchito adzawatenge.

Malo okumbukira asilikali a ku Newfoundland, chilumba chimene lero chili mbali ya Kanada, ku Beaumont-Hamel sanalimidwenso chithere nkhondo. Udzu waphimba zonse, nkhosa zikudya, koma ngalande zikuoneka, ndipo maenje a mabomba ali mbali zonse ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba. Mtsikana wa ku Kanada amene amalondolera alendo anatiimika pa ngalande yakutsogolo ya Angerezi natiloza kumunsi, kumene kuli chigwa chotchedwa Y Ravine. Kumeneko ndiko kunali Ajeremani, mamita mazana angapo chabe. Tinayenda mtundawo mosathamanga, ndipo sitinatope nkomwe.

Nzeru ya Angerezi inali yomveka. Ngati vuto ndi waya waminga ndi chiwaya, ndiye kuti mizinga iphwanye zonse ziwiri anthu asanatuluke. Anaomba masiku 7, mabomba oposa 1.5 miliyoni. Koma ambiri mwa mabombawo anali ophulikira m'mwamba nkumwaza tizitsulo, abwino popha anthu oyenda poyera koma osadalirika podula waya. Ochuluka ndithu sanaphulike nkomwe, chifukwa mafakitale anali atangophunzira kumene ntchitoyo. Ndipo Ajeremani sanali m'ngalande zimene zinkaphwanyidwazo. Anali atakumba zipinda m'choko, zina zakuya mamita 10, nkumadikirira pansipo ndi ziwaya zawo. Kuomba kwa sabata yathunthu kunawauzanso malo enieni amene adani adzadzere.

Amalume anati nkhondo yonse ya tsikulo inali mpikisano wa liwiro. Mizinga ikangoleka, wobisala pansi ayenera kukwera masitepe ndi chiwaya chake nkuchitchera, pamene wobwerayo ayenera kudutsa bwalo lonse atasenza katundu. Wofika poyamba pakamwa pa ngalande ndiye wamoyo. Pa 1 Julayi 1916, pamalo ano, Angerezi anaphulitsa mgodi waukulu pansi pa chitunda cha Hawthorn nthawi ili 7:20, pamene asilikali anayenera kunyamuka 7:30. Mphindi khumi zimenezo zinali mphatso kwa Ajeremani. Pamene anyamata ankatuluka, ziwaya zinali zitatcheredwa kale.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Magulu oyamba anathera pa waya, koma mkulu wawo kumbuyo sanadziwe. Kunaoneka zounikira zoyera zikuombedwa m'mwamba kuchokera ku mbali ya adani, ndipo anaganiza kuti ndi chizindikiro cha anthu ake kuti alowa, chonsecho anali Ajeremani akuitana mizinga yawo. Analamula kuti a Newfoundland apite kukathandiza. Ngalande zopitira kutsogolo zinali zitadzaza ndi ovulala, choncho nthawi ili 9:15 anyamatawo anatulukira kumbuyo, nkuyenda poyera. Ambiri anagwa asanafike nkomwe pa mzere wawo wakutsogolo, ena anaunjikana pa timipata ta waya wawo womwe, pamene ziwaya zinali zitalunjika kale. Theka la ola silinathe. Mwa anthu pafupifupi 800, amene anayankha maina m'mawa mwake anali 68. Tsiku limenelo lokha Angerezi anataya anthu 57,470, ndipo 19,240 mwa iwo anafa.

Ndinafunsa kuti, "Amalume, kodi akuluakuluwo anali opusa?"

Anakhala kaye chete. "Anali ogontha, mphwanga. Ine ndagwirapo wailesi ya m'manja, ndikudziwa kusiyana kwake. Awa anali ndi lamya ya waya, ndipo waya umathera pa ngalande yako. Anthu ako akangodumpha, sukuwamvanso. Utsala ndi wothamanga amene angaphedwe panjira, kapena nkhunda. Uthenga ukafika patapita maola, ukulamula nkhondo imene inatha kale." Kenako anawonjeza kuti kugontha sikuchotsa mlandu wonse, pakuti nkhondo ya Somme inapitirizidwa mpaka Novembala, anthu oposa miliyoni imodzi a mbali zonse anafa kapena kuvulala, pofuna makilomita 10 okha. Pamenepo ndikugwirizana nawo. Kulakwa tsiku loyamba ndikumvetsa, koma kubwereza malo omwewo miyezi inayi ndi theka sindikupeza pokhululukira.

Lachitatu, ku Albert ndi ku Vimy

Kwagwa mvula kuyambira usiku. Tagona ku Albert, ndipo m'mawa tikumwa tiyi amalume anayala mapu pathebulo nkundiuza kuti ndisiye kuyang'ana ngalande, ndiyang'ane njanji.

Sikuti ngalande yoyamba inali yosalandika. Inalandidwa kambirimbiri. Ku Neuve Chapelle mu Malichi 1915 Angerezi anaomba mphindi 35 zokha nalanda mudzi m'mawa womwewo. Ku Ieper pa 22 Epulo 1915 Ajeremani anatsegula mpweya wapoizoni, mpata wa makilomita 6 nkutseguka. Konseko zinathera pomwepo. Wolowayo ali wapansi, watopa, madzi ndi zipolopolo zikumuthera. Mizinga yake yopepuka imafika makilomita 6 basi, ndipo kuti isendere kutsogolo iyenera kukokedwa ndi mahatchi kudutsa dothi limene iyo yomwe yalisandutsa phala. Mwini malo akubwerera kumene kuli misewu yabwino, lamya zosaduka ndi mzere wachiwiri wokumbidwa kale kumene mizinga ija sikufika. Kumbuyo kwake sitima zikutsitsa asilikali atsopano usiku womwewo. Woboola amayenda ndi miyendo, wotseka amabwera pa njanji, ndipo chigamba chimafika msanga kuposa mmene chibowo chikukulira. Asilikali a pa mahatchi, amene kale ankathamangira pa mpata wotere, chiwaya chimodzi chinkawakwanira.

Masana tinapita ku Vimy, mvula ili chigwere. Ngalande za kumeneko anazimanga ndi simenti kuti zisagumuke, ndipo za mbali ziwirizi zayandikana moti mungathe kulankhulana osakweza mawu kwambiri. Pa 9 Epulo 1917 Akanada anakwera chitundachi akutsatira khoma la mabomba limene linkasendera kutsogolo mamita pafupifupi 90 pa mphindi zitatu zilizonse. Ankayenda kufupi kwambiri ndi mabomba awo omwe, podziwa kuti ena avulala nawo, kuti pamene Mjeremani akutulutsa mutu m'chipinda chake apeze mdani ali kale pakhomo. Mpikisano wadzulo uja unapeza yankho lake pamenepa. Koma atalanda chitunda anaima, chifukwa mizinga inalephera kuwatsatira m'matope.

Lachinayi, ku Flesquières

Kamudzi aka kali pafupi ndi Cambrai, ndipo muli kasinja weniweni wa 1917 wotchedwa Deborah. Anakwiriridwa m'dzenje nkhondo ili mkati, nafukulidwa mu 1998. Kutsogolo kwake kuli chibowo chachikulu cha mabomba. Amalume anazungulira kawiri, nasuzumira mkati mmene munkakhala anthu 8 pambali pa injini yosatchinga, m'kutentha ndi utsi wokomola, galimoto lake loyenda ngati munthu wapansi.

Ndinabwera ndikuganiza kuti kasinja ndiye anathetsa nkhondo ya m'ngalande. Ndachoka ndikuona kuti anagwira mbali imodzi yokha, ngakhale inali yofunika. Pa 20 Novembala 1917 akasinja a Angerezi omenyera nkhondo 378 anapondereza waya waminga, ena atasenza mitolo ikuluikulu ya mitengo yoponya m'ngalande kuti awolokerepo. Popeza waya unali ndi wouthyola, sipanafunikenso kuomba sabata yathunthu, ndipo mdani sanachenjezedwe.

Chachikulu china sichioneka m'nyumba yosungiramo zakale, chifukwa ndi masamu. Kale mzinga uliwonse unkayamba waomba moyesa, wina akuyang'ana kumene bomba lagwera nkumakonza, ndipo kuyesako kunkaulula zonse. Ku Cambrai mizinga pafupifupi 1,000 inabwera usiku, nikhala duu mpaka 6:20 m'mawa wa tsikulo. Oomba anali ndi mapu olondola ochokera ku zithunzi za ndege. Ankadziwa mmene mpope wa mzinga uliwonse waperesekera, ankalandira za mphepo ndi kutentha kwa mpweya, nkuwerengera zonsezo asanaombe. Mizinga ya adani, imene inkapha anthu ambiri kuposa chiwaya, ankaipeza ndi makutu: ankatchera maikolofoni 6 motalikirana kumbuyo kwa mzere wawo, ndipo popeza kulira kwa mzinga kumafika pa iliyonse nthawi yosiyana pang'ono, kusiyanako kunkaloza pamene mzingawo wabisala. Ntchito imeneyi ankaitsogolera ndi William Lawrence Bragg, mnyamata amene anali atalandira kale mphotho ya Nobel.

Tsiku loyamba analowa makilomita 8, ndipo ku Mangalande analiza mabelu a matchalitchi. Koma pofika madzulo akasinja 179 anali atafa, ambiri chifukwa cha kuwonongeka kwa injini ndi kutitimira, osati kuombedwa. Pa chitunda chino cha Flesquières, akasinja amene anatsogola okha anakumana ndi mizinga ya Ajeremani ikuwadikirira. Ku Masnières mlatho unathyoka ndi kulemera kwa kasinja, apamahatchi nkusowa powolokera. Sitima za Ajeremani zinagwira ntchito yake, ndipo pa 30 Novembala anabwezera nalanda pafupifupi zonse zimene anataya. Khomo linali litadziwika katsegulidwe kake, koma vuto la njanji linali pomwepo.

Lachisanu, ku Villers-Bretonneux

Takwera nsanja ya chikumbutso cha anthu a ku Australia. Kunja kwayera, ndipo kumadzulo tinaona mzinda wa Amiens, kumene njanji zazikulu zinkakumana. Apa ndi pamene Ajeremani anaimitsidwa mu Epulo 1918.

Iwo anali atapeza njira yawoyawo. Russia itatuluka m'nkhondo anabweretsa magulu ambiri kuchokera kum'mawa, ndipo pa 21 Malichi anaomba maola 5 okha ndi mizinga yoposa 6,000, akulunjika malikulu, lamya ndi mizinga ya Angerezi. Kenako timagulu ta asilikali osankhidwa tinalowerera m'chifunga, tikulambalala malo olimba nkuthamangira kumbuyo. Analowa makilomita 60, chinthu chimene sichinaoneke chiyambire 1914. Komabe anali apansi. Njira yawo inadutsa m'chipululu cha mabomba cha Somme, mahatchi anali ochepa ndi owonda, ndipo asilikali anjala ankaima pa nkhokwe za Angerezi kuti adye. Afalansa anafika pa sitima natseka. Ajeremani anataya anthu pafupifupi 240,000, ambiri a iwo akatswiri aja, nangotsala ndi mzere wautali wopanda ngalande zolimba. Posakhalitsa Amereka anayamba kutsika m'madoko mazana a zikwi mwezi uliwonse.

Amalume anati, "Anathamanga bwino, koma anathamangira kutali ndi mphika."

Tinapita ku Le Hamel, makilomita ochepa kuchokera pansanjapo. Pa 4 Julayi 1918 John Monash, mkulu wa asilikali a ku Australia, anakonza nkhondo yaing'ono yoti ithe mphindi 90, ndipo inatha mphindi 93. Akasinja 60 anayenda limodzi ndi apansi kumbuyo kwa khoma la mabomba, ena atanyamula madzi ndi waya, ndege zikuponya mabokosi a zipolopolo ndi maambulera. Kagulu kalikonse ka apansi kanali ndi chiwaya chake chopepuka cha Lewis ndi mabomba a pamfuti, kotero kuti kakakumana ndi chiwaya cha mdani sikankadikiranso lamulo lochokera kumbuyo. Ena ankachipanikiza ndi moto, ena nkuchizembera m'mbali.

Pa 8 Ogasiti anachita zomwezo mokulitsa, m'minda yomwe tinaiona tili pansanja. Akanada anabweretsedwa mobisa usiku, pamene owerengeka a iwo ndi mawailesi awo anatumizidwa ku Flanders kuti Ajeremani aziwamvera kumeneko. Ndege zinkauluka usiku kuti zibise phokoso la akasinja. Mizinga ya Ajeremani inali itadziwika malo ake pafupifupi yonse, ndipo nthawi ili 4:20 m'mawa, m'chifunga, inathiridwa moto isanayankhe. Pofika madzulo Akanada anali atalowa makilomita 13, ndipo Ajeremani zikwizikwi anakweza manja. Ludendorff, amene ankayendetsa nkhondo kumbali ya Ajeremani, analitcha tsiku lakuda la asilikali a Jeremani.

Koma kwa ine tsiku lofunika si limenelo. Mwa akasinja oposa 400 a tsiku loyamba, m'mawa mwake oyenda anali 145, ndipo pa 12 Ogasiti anatsala 6. Apansi anali atapitirira pamene mizinga yawo ikuluikulu inkafika, sitima za Ajeremani zinali zitatsitsa magulu atsopano, ndipo kutsogolo kunali ngalande zakale za 1916 ndi waya wake. Zizindikiro zonse za Somme zinali zitabwerera. Foch, Mfalansa amene ankatsogolera magulu onse olimbana ndi Jeremani, ankafuna kuti apitirize. Arthur Currie wa Akanada ndi Henry Rawlinson wa Angerezi anauza Haig, mkulu wawo, kuti kupitiriza nkutaya anthu, ndipo ulendo uno Haig anamva, nakaniza Foch. Anaima. Pa 20 Ogasiti Afalansa anamenya kum'mwera, pa 21 gulu la Angerezi la Byng linamenya kumpoto kwa Albert, pa 26 ena anamenya ku Arras. Tsopano anali ndi mizinga, mabomba ndi malole okwanira moti sankafunikanso kusamutsa zonse kwa miyezi kuti ayambe kwina.

Amalume anazijambula ndi kamtengo pa dothi. Luma mpaka pamene mizinga yako ikufika. Ukaona kuti mdani wakhuthulira anthu ake pamenepo, leka, kalume kwina. Sitima zake zikhala zikungothamanga uku ndi uku, ndipo gulu lililonse limene latsika likulowa m'moto lisanapume. Sanapeze njira yothamangira kuposa sitima. Anangotha anthu amene sitimazo zikanatha kunyamula.

Loweruka, ku Riqueval

Tsiku lomaliza. Mlatho wa Riqueval ndi waung'ono, uli pamwamba pa mtsinje wokumbidwa ndi anthu wa Saint-Quentin, umene pano ukudutsa m'chigwa chakuya, makoma ake otsetsereka mamita pafupifupi 15. Ajeremani anauika m'kati mwa mzere wa Hindenburg, linga lawo lolimba kuposa onse. Amalume anasuzumira pansi napukusa mutu, akuti akanapatsidwa lamulo lowolotsa anthu pamenepa akanapempha kuti alione polemba.

Kumapeto kwa Sepitembala 1918 nkhonya zinagwa motsatizana: pa 26 Amereka ndi Afalansa ku Meuse-Argonne, pa 27 Angerezi ndi Akanada ku Canal du Nord, pa 28 Abeljiyamu ndi anzawo ku Flanders, pa 29 pano. Kuno anaomba masiku angapo, chifukwa panalibenso chobisa, ndipo m'maola 24 okha mizinga ya Angerezi inatulutsa mabomba oposa 900,000. Anali ndi mapu a lingali amene analanda kwa Ajeremani mu Ogasiti. Akasinja sakanatha kuwoloka madzi, choncho gulu la 46 la ku North Midland, limene silinali lotchuka nkomwe, linatsika makomawa m'chifunga ndi makwerero, zingwe ndi malamba oyandamitsa obwerekedwa ku sitima za panyanja. Kagulu ka Kaputeni Charlton kanafika pa mlatho uno Ajeremani asanauphulitse, nkudula mawaya a mabomba. Pofika madzulo gululo linali litagwira adani oposa 4,000, ilo litataya anthu osakwana 800. Tsiku lomwelo Ludendorff ndi Hindenburg, mkulu wa asilikali onse a Jeremani, anauza mfumu yawo kuti ipemphe kuleka nkhondo. Miyezi itatu yomalizayi sinali yopepuka ayi, manda a 1918 tawaona m'mudzi uliwonse umene tadutsa lero.

Tinadya buledi wathu titakhala pa udzu pambali pa mlatho. Amalume anandikumbutsa kuti kuno mfuti zinaleka pa 11 Novembala, koma Lettow-Vorbeck anamva uthengawo patapita masiku, ali ku mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala. Agogo awo anafika kumudzi mvula itayamba kale, mapazi atang'ambika, napeza chimfine chachikulu chija chikugwetsa anthu. Amalume akuti akabwerera ku Zomba akaima pa chipilala cha asilikali a KAR, King's African Rifles, ndi zithunzi zimene tajambula sabata ino.

Sitima yathu inyamuka ku Calais mawa 10 koloko, ndiye tiyenera kulawira.